Kapasita imayamba ndi liwiro kenako n'kumakwawa: kupeza tau ndi mavoliti ake

Sabata yatha kuno ku Kasungu mphwanga amene akuphunzira zamagetsi anandipeza ndikulumikiza inveta yatsopano ku batire ya sola, ndiye waya utangokhudza pa temino kunangomveka kuti thwa, kamoto n'kuthetheka. Iye kudumpha, amvekere "amalume mwawotcha!" Koma sichinapse chilichonse. Mkati mwa inveta muli makapasita akuluakulu amene anali opanda kanthu, ndipo kamoto kaja kanali magetsi akuthamangira kukawadzaza. Chimene chinandisangalatsa n'choti madzulo ake omwewo anatulutsa funso la kusukulu limene limamuzunguza mutu, osadziwa kuti ndi nkhani yomweyo imene anaiona masana. Funso lake linali lakuti, batire ya 12 V, rezisita ya 10 kΩ ndi kapasita ya 1000 µF azilumikiza mondondozana, pezani taimu konsitanti, komanso mavoliti amene ali pa kapasita pakatha masekondi 15. Ambiri amangoloweza fomula kenako n'kusokonezeka manambala akasintha, ndiye ndati ndifotokoze pang'onopang'ono mmene ndinamufotokozera iyeyo.

Kapasita ndi chiyani kwenikweni

Mukaing'amba kapasita mupezamo timapepala tiwiri tachitsulo topyapyala, pakati pake pali chinthu chosadutsa magetsi, zonse atazikulunga ngati mkeka. Timapepalati sitikhudzana. Mukalumikiza batire, mbali imodzi imadzaza maelekitironi, inayo imawataya, ndipo kusiyana kumeneko ndi kumene mita imawerenga ngati mavoliti. Kukula kwa kapasita amakuyeza mu mafaradi, dzina lochokera kwa Michael Faraday wa ku England, koma faradi imodzi ndi yaikulu zedi moti zimene timagwira tsiku ndi tsiku m'mawailesi ndi m'machaja zimalembedwa mu µF, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a faradi. Choncho 1000 µF ndi 0.001 F. Nambala imeneyi muisunge, ndi pamene anthu ambiri amagwera.

Chinthuchi si chalero. Cha m'ma 1745 ndi 1746 anthu awiri, Ewald von Kleist ku Pomerania ndi Pieter van Musschenbroek ku Leiden m'dziko la Netherlands, anapeza payekhapayekha kuti botolo lagalasi la madzi likhoza kusunga magetsi n'kumugwedeza munthu akaligwira. Galasi ndilo linali chotchinga chapakati chija. Kuchokera pa botolo limenelo mpaka ka chitini kakuda kali mu wailesi yanu, mfundo yake sinasinthe.

Ine ndimakonda kuiyerekeza ndi diramu ya madzi. Kutalika kumene madzi afika mu diramu ndiwo mavoliti, kufutukuka kwa diramu ndiwo mafaradi. Diramu yotambalala imafuna madzi ambiri kuti akwere chala chimodzi, pamene kachigubu kowonda kamadzaza msanga.

Rezisita, paipi yopanikiza

Rezisita ntchito yake ndi kuchepetsa karenti, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda mu waya, basi. Lamulo lake analilemba Georg Ohm, mphunzitsi wa ku Germany, mu 1827, ndipo limati karenti ndi mavoliti ali pa rezisita kugawa ndi maomu ake. Rezisita ya m'funso lathu ndi ya maomu 10,000, ija ya mizere ya bulauni, yakuda ndi ya olenji.

Tsopano ganizani thanki yaikulu ya pa mpope wa sola imene madzi ake amakhala pa mulingo umodzimodzi nthawi zonse, ndiyo batire yathu. Pambali pake mwaimika diramu yaitali mofanana nayo koma yopanda kanthu, ndipo mwazilumikiza ndi kapaipi kowonda pansi penipeni, osati kuthira kuchokera pamwamba ayi, pansi. Mukatsegula, madzi amalowa mwamphamvu chifukwa mu thanki ali pamwamba ndipo mu diramu mulibe chowabweza. Koma akamakwera mu diramu muja amayamba kukankhana ndi a mu thanki, kusiyana kwa milingo kumachepa, ndiye kulowa kwake kumafooka, kumafookabe, mpaka kumapeto mumangoona ngati aima chonsecho akulowabe pang'onopang'ono. Nkhani yonse ya seketi imeneyi ndi imeneyo. Chimene chimakankha karenti si mavoliti onse a batire, koma mavoliti otsala, a batire kuchotsa amene kapasita yafikapo kale.

Tiike manambala. Pongotseka swichi kapasita ili pa 0 V, ndiye 12 V yonse ili pa rezisita ndipo karenti ndi 12 kugawa ndi 10,000, imene ndi maampu 0.0012, mwachidule 1.2 mA. Kapasita ikafika pa 6 V, pa rezisita patsala 6 V ndipo karenti yatsika kufika 0.6 mA. Ikafika pa 11 V patsala 1 V yokha, karenti ndi 0.1 mA, moti voliti lomalizalo limatenga nthawi yaitali kuposa mavoliti 10 oyambirira onse pamodzi.

Tau, kapena kuti taimu konsitanti

Apa ndi pamene mphwanga anafunsa kuti, nanga ngati liwiro likungosinthasintha, tinena bwanji kuti seketi iyi ndi yachangu, iyi ndi yaulesi? Yankho ndi nambala imodzi imene amailemba ndi chilembo cha Chigiriki τ, timati tau. Mu fomula yake R ndi maomu a rezisita, C ndi mafaradi a kapasita.

```
τ = R × C
τ = 10 000 Ω × 0.001 F = 10 s
```

Maomu kuchulukitsa ndi mafaradi zimatulutsa masekondi, ndipo ndi zomveka mukaganiza za diramu ija, chifukwa paipi ikawonda moti izidutsa theka lokha la madzi nthawi iwirikiza kawiri, diramu ikatambalala moti izilowa madzi owirikiza kawiri nthawi iwirikizanso kawiri. Chimene chimadabwitsa anthu n'choti mavoliti a batire mulibemo mu fomula imeneyi. Kaya muike batire ya 6 V, kaya ya 24 V, tau ikhalabe masekondi 10. Batire yaikulu imakankha mwamphamvu inde, komanso ulendo woti kapasita iyende ndi wautali mofanana, ndiye ziwirizi zimathetsana.

Koma chonde, tau si nthawi yoti kapasita idzaze. Uku ndi kulakwitsa kumene ndimakumva kawirikawiri. Tanthauzo lake ndi ili. Poyamba paja, karenti ya 1.2 mA ikulowa mu 0.001 F imakweza mavoliti ndi 1.2 V pa sekondi iliyonse. Likanakhala kuti liwiro limenelo silitsika, bwenzi pa masekondi 10 kapasita itafika pa 12 V ndendende. Ndiye tau ndi nthawi imene ikanadzaza ikanapitiriza ndi liwiro loyamba. Poti liwiro limatsika, pa masekondi 10 imakhala itangofika 63.2 peresenti ya ulendo, pafupifupi 7.6 V.

Ndipo zimabwerezabwereza. Tau iliyonse imadya 63.2 peresenti ya zotsala, osati ya zonse. Pakatha masekondi 10 patsala 4.4 V kuti tifike pa 12. Masekondi 10 otsatira adya 63.2 peresenti ya 4.4 imeneyo, tifika pa 10.4 V, amene ndi 86.5 peresenti. Pa masekondi 30 tili pa 11.4 V, 95 peresenti. Pa masekondi 50, tau zisanu, tili pa 11.92 V, kapena 99.3 peresenti, ndipo apa ndi pamene mabuku ambiri amati basi yadzaza.

Nanga 63.2 yachokera kuti

Yachokera ku nambala ina imene amaitcha e, pafupifupi 2.718. Nambalayi sinabadwire ku zamagetsi, inatulukira pa nkhani ya ndalama. Mu 1683 Jacob Bernoulli wa ku Basel ankafufuza za chiwongoladzanja chimene chimaberekanso chiwongoladzanja, kuti chimafika pati ngati ukuchiwerengera pafupipafupi, ndipo pambuyo pake Leonhard Euler ndi amene anaipatsa chilembo cha e. Amene munakhalapo mu banki mkhonde mukudziwa kale mmene ndalama imaberekerana. Apa ndi zomwezo koma chobwerera m'mbuyo. Tiyerekeze muli ndi ngongole ya K12,000 ndipo mwapangana kuti tsiku lililonse muzibweza gawo limodzi mwa magawo 10 a zimene zatsala. Tsiku loyamba mubweza K1,200, lachiwiri K1,080, lachitatu K972, kumangochepa choncho, ndipo pakatha masiku 10 ngongole siinathe, patsala pafupifupi K4,200. Kapasita nayo ikubweza ngongole ya mavoliti kwa batire, kungoti iyo sidikira tsiku kapena sekondi ithe, imabweza mosalekeza, ndiye m'malo mwa 4.2 patsala 4.4, amene ndi 12 kugawa ndi 2.718. Chotsalacho ndi 36.8 peresenti, chobwezedwa ndi 63.2 peresenti. Palibe matsenga apa.

Fomula yonse ndi iyi, ndipo Vs ndi mavoliti a batire, Vc ndi mavoliti a pa kapasita, t ndi masekondi amene adutsa:

```
Vc = Vs × (1 − e^(−t/τ))
```

Muiwerenge ngati chiganizo. Kachigawo ka e kaja kakunena gawo la ngongole limene latsala, 1 kuchotsa gawo limenelo ndi zimene zabwezedwa, kuchulukitsa ndi mavoliti a batire mupeza pamene kapasita yafika.

Tiyeni tsono ku masekondi 15 aja. Musanagwire kakuleta yambani mwaganiza, masekondi 15 ali pakati pa tau imodzi ndi tau ziwiri, choncho yankho liyenera kugwera pakati pa 7.6 V ndi 10.4 V, ndipo likhala kumtunda pang'ono kwa pakatikati chifukwa kukwera kwambiri kumachitika koyambirira. Mukapeza 3 V kapena 14 V mudziwe kuti pena pake palakwika.

```
t/τ = 15/10 = 1.5
e^(−1.5) = 0.2231
Vc = 12 × (1 − 0.2231) = 9.32 V
```

Pa makakuleta ambiri a kusukulu, `e^x` ili pamwamba pa batani la `ln`, mumayamba mwadina `SHIFT`. Osaiwala kachizindikiro kochotsera kutsogolo kwa 1.5, mukakaiwala mupeza 4.48 ndipo yankho lituluka la pansi pa ziro, chimene sichingatheke apa. Yankho ndi 9.32 V. Mukafuna karenti pa nthawi yomweyo simufunikanso fomula ina, pa rezisita patsala 2.68 V, kugawa ndi 10,000, ndi pafupifupi 0.27 mA.

Nthawi zina funso amalitembenuza, amati pafunika nthawi yaitali bwanji kuti ifike pa 9 V. Pamenepo mumaona zotsala, 12 kuchotsa 9 ndi 3, ndiye

```
t = τ × ln(Vs / (Vs − Vc)) = 10 × ln(12/3) = 13.9 s
```

ndipo zikugwirizana ndi zija tapeza, chifukwa pa masekondi 15 inali itadutsa 9 V pang'ono. Funso lotembenuzali ndi limene limagwira ntchito kwambiri pa zinthu zenizeni. Ka chipu kotchuka ka 555, kamene Hans Camenzind anakonza ndipo kanayamba kugulitsidwa mu 1972, kakamagwira ntchito yoyatsa chinthu kwa kanthawi kamadikira kuti kapasita ifike magawo awiri mwa atatu a mavoliti a batire. Ikani zimenezo mu fomula ili pamwambayi mupeza ln 3, pafupifupi 1.1, ndiye chifukwa chake mumaona 1.1 × R × C paliponse pamene akukamba za kachipu kameneka.

Mukayesa pa tebulo manambala amasiyana

Tinalumikizadi seketiyi usiku womwewo, iye atagwira foni kuwerenga masekondi, ine ndikuyang'ana mita, ndipo pa masekondi 15 sitinapeze 9.32 ndendende. Zimenezi zisakukhumudwitseni, zifukwa zake n'zodziwika ndipo chilichonse chili ndi chizindikiro chake.

Choyamba batire imene timati ya 12 V ikakhala yodzaza imawerenga cha m'ma 12.6 V kapena kuposa ngati sola ikutchaja, ndiye yezani kaye, nambala yeniyeniyo ndi imene muike pa Vs. Kenako makapasita a chitini aja, a elekitirolitiki, ambiri amaloledwa kusiyana ndi zolembedwa pa thupi mpaka 20 peresenti uku kapena uku, kutanthauza kuti ya 1000 µF ikhoza kukhala 800 kapena 1200 ndipo tau yanu ikhala penapake pakati pa masekondi 8 ndi 12 popanda cholakwika. Njira yabwino yodziwira ndi kuyeza chobwerera. Werengerani 63.2 peresenti ya mavoliti a batire yanu, yambitsani wotchi potseka swichi, imitsani mita ikafika pa nambala imeneyo, nthawi imene mwapeza ndiyo tau yeniyeni, gawani ndi maomu mupeza kukula kwenikweni kwa kapasita. Kapasita yokalamba, youma ndi kutentha ngati zimene timachotsa m'mawailesi akale, imathamanga kufika pamwamba chifukwa diramu yake yachepa.

China chimene chimapusitsa anthu ndi kubwereza kuyesa osakhuthula kapasita. Fomula ija ikuganiza kuti mwayambira pa ziro. Ngati munatsala 3 V, ngongole yoyambira si 12 koma 9, ndiye pa masekondi 15 chotsala ndi 9 kuchulukitsa 0.2231, pafupifupi 2 V, ndipo mita iwerenga 10 V m'malo mwa 9.32. Tau sinasinthe, chasintha ndi poyambira. Pokhuthula gwiritsani ntchito rezisita, monga ya 100 Ω kwa masekondi angapo, ndipo yezani kuti muone ziro musanayambenso.

Koma chimene ndimafuna aliyense achimvetse bwino ndi mita yeniyeniyo, chifukwa nayo imamwa karenti. Mamita abwino ali ndi pafupifupi 10 MΩ mkati, kutanthauza maomu 10,000,000, pamene ambiri otchipa aja ali ndi pafupifupi 1 MΩ. Pa rezisita yathu ya 10 kΩ palibe vuto, ndi kadontho chabe, koma tsiku lina mudzafuna kuchedwetsa nthawi yaitali n'kuika rezisita ya 1 MΩ, ndiye mita yotchipa ija ikhala ngati bowo pa diramu lofanana kukula ndi paipi yolowetsa, kapasita idzaima pa 6 V osapitirira ngakhale mudikire mpaka mawa, ndipo idzafika pamenepo msanga kuposa mmene munawerengera poti tau nayo yatsika ndi theka. Chizindikiro chake n'chimenecho, mavoliti kuima patali ndi a batire. Kapasita yodontha mkati imachitanso chimodzimodzi, ndiye kuti musiyanitse chotsani mita, dikirani tau zisanu, gusitsani kamodzi n'kuwerenga nambala yoyamba kuoneka. Ikakhala pafupi ndi ya batire kenako n'kumatsika, wolakwa ndi mita.

Pa chitetezo pang'ono. Kapasita ya chitini ili ndi mwendo wa negetivu pamene pali mzere m'mbali, mukaitembenuza imatupa kapena kuphulika, ndipo pa batire ya 12 V tengani yolembedwa 25 V, ya 16 V ndiyo yotsikitsitsa. Zimene zili mkati mwa TV, chaja kapena inveta ndi nkhani ina, magetsi a m'nyumba a 230 V akawongoledwa amadzaza kapasita mpaka cha m'ma 325 V ndipo ikhoza kuwasunga mutazula pulagi kalekale.

Tibwerere ku kamoto kaja. Tiyerekeze inveta ili ndi makapasita okwana 10,000 µF ndipo mawaya onenepa aja ndi batire yomwe pamodzi ndi 0.02 Ω basi. Tau ndi masekondi 0.0002, ndipo karenti yoyamba pa pepala ndi 12 kugawa ndi 0.02, maampu 600, kwa kanthawi kochepetsetsa. Ndiwo moto umene umasiya kachipsera pa temino. Mukayamba mwagusitsa kudzera pa rezisita ya 22 Ω, karenti yoyamba ingokhala theka la ampu, tau ndi masekondi 0.22, mukawerenga mpaka 2 kapena 3 makapasita adzaza, kenako mumange waya wanu popanda kuthetheka. Inveta ikhale yozimitsa pochita zimenezi, apo ayi imamwa karenti yomweyo ndipo makapasita sadzaza.

Zimene anthu amasiyanabe maganizo

Kodi kapasita yadzaza liti? Pa masamu siidzaza mpaka kalekale, chotsala chimangochepa osafika ziro. Mabuku ambiri amati tau zisanu, amisiri ena amakhutira ndi zitatu poti 95 peresenti yawakwanira, pamene amene amapanga zipangizo zoyezera molondola kwambiri amadikira zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, chifukwa kuti chotsala chitsike kufika gawo limodzi mwa 1,000 pafunika tau 6.9. Aliyense ali ndi chifukwa chake malinga ndi ntchito.

Palinso nkhani ya mphamvu yotayika. Kapasita yathu ikadzaza imasunga theka lokha la mphamvu imene batire yatulutsa, 0.072 mwa 0.144 tikayeza mu majulo, muyeso wa mphamvu, theka linalo limasanduka kutentha mu rezisita, ndipo zimenezi sizisintha kaya rezisita ndi yaikulu kaya yaing'ono. Ophunzira amafunsa kuti nanga rezisita ikakhala ziro theka limenelo lipita kuti, ndipo apa fomula yathu imasiya kugwira ntchito, chifukwa waya weniweni ali ndi maomu ake ochepa komanso khalidwe la koilo, ndiye ena amaloza ku kutentha kwa waya ndi kamoto kaja, ena amawonjezera mafunde a wailesi amene amatuluka, ndipo gawo la chilichonse limadalira mmene mawaya ayalidwira.

Ndiye pali chinthu china chimene mphwanga anachiona yekha. Titakhuthula kapasita mpaka ziro n'kuisiya osailumikiza kulikonse, patapita mphindi zingapo mita inawerenganso mavoliti pang'ono. Chotchinga chapakati chija chimamwerera chaji ina n'kumaibweza pang'onopang'ono, ngati mtsuko wadothi umene mwakhuthula koma pansi pake pakusonkhananso timadzi. Tau imodzi singafotokoze zimenezi, ndipo pa masupakapasita, aja a mafaradi mazanamazana amene ena amafuna kuwaika pambali pa batire za sola, khalidweli ndi lalikulu ndithu moti akatswiri amawayerekeza ndi maseketi angapo a R ndi C olumikizana, aliyense ndi tau yakeyake. Kuti pafunika angati kuti chiyerekezo chikhale chokwanira, ena amaika awiri, ena atatu, ena ochuluka, kutengera ngati akufuna kudziwa za masekondi oyambirira kapena za maola angapo pambuyo pake.